Foni ya amayi ku Jali yaoneka kandege, ndiwajambulire voisi yotani?

MwanaWakuJali
Abale, ndithandizeni nzeru. Lero ndi tsiku lachitatu amayi anga sakupezeka pa foni. Ine ndili kuno ku Matawale, iwo ali kumudzi, kupitirira pang'ono pa Jali. Ndikaimba akungondiuza kuti nambalayi sikupezeka. Mtima unali m'mwamba chifukwa amadwala kuthamanga kwa magazi, koma dzulo madzulo ndinapeza mtsikana wa nyumba yoyandikana nawo. Iye wandiuza kuti amayi ali bwino, foni ikuyaka, batire ilimo, koma pamwamba penipeni pali kachithunzi ka ndege.

Foniyo ndi itel yoyendetsa ndi chala, ndinawagulira chaka chatha. Ali ndi zaka 74, Chichewa amawerenga pang'onopang'ono, Chingerezi ayi. Usiku ndinawatumizira voisi pa WhatsApp kuti, “Amayi pitani pa Settings, kenako Network & Internet, muzimitse Airplane mode.” Mpaka pano sanaimvere. Ndikufuna kujambula ina yomveka bwino. Amene munachitapo ndi makolo anu, munawalankhula bwanji?

Kabaza_Chinamwali
Auzeni azimitse foni ndi kuyatsanso basi, achemwali. Mavuto ambiri a foni amathera pomwepo.

WokonzaMafoni_Mponda
Achimwene a kabaza, apa ndiye ayi. Kandege sikachoka ndi kuzimitsa foni. Mukazimitsa ndi kuyatsanso, foni imadzuka momwe inagonera, kandege kali pomwepo. Ngakhale mutachotsa simukhadi n'kubwezeretsa, sikasuntha.

Koma achemwali a ku Jali, tisanafike pa mawu oti munene, taonani pansi pa voisi munatumizayo. Ndikukhulupirira pali katiki kamodzi kotuwa. Si kuti amayi sanaimvere, voisiyo siinafike n'komwe. Kandege kakayaka, foni imatseka mbali yonse yolankhulana ndi nsanja ya netiweki: kuimba, kulandira mauthenga, data, zonse zii. Ndiye mukutumiza malangizo otsegulira chitseko kudzera pa chitseko chotsekacho. Foni yotero ingalandire za pa WhatsApp pokhapokha italumikizidwa pa Wi-Fi, ndipo kumudziko sindikuganiza kuti ilipo. Voisi yanu ipite pa foni ya munthu wina amene angakhale pafupi ndi amayi n'kuwayatsira.

MwanaWakuJali
Ndaona, katiki ndi kamodzi. Ndiye usiku wonse ndakhala ndikudikira chinthu chimene sichikanatheka. Mayi ake a mtsikana uja ali ndi WhatsApp, ndiwapempha, ndiwagulireko kabandulo.

MnyamataWakuChikanda
Nanga ngati mtsikanayo ali pafupi, bwanji osangomuuza kuti atenge foniyo adine yekha? Ntchito ya masekondi asanu imeneyi. Voisi ya chiyaninso?

MwanaWakuJali
Zifukwa ndi ziwiri. Choyamba, amayi salola munthu kugwira foni yawo. Chaka chatha wachibale wina anaibwereka kuti akuwathandiza, ndalama zomwe ndinawatumizira za feteleza zinachoka mufonimo. Kuyambira pamenepo imakhala yomangidwa pa nsonga ya chitenje. Chachiwiri, aka ndi kachiwiri. Ulendo woyamba ndinachita kukwera galimoto mpaka ku Jali kukangodina kamodzi. Ndikufuna adziwe ndi chala chawo.

MphunzitsiWopuma_Sadzi
Mwanawe, maganizo ako ndi abwino. Ine ndili ndi zaka 68, ndiye ndilankhula ngati munthu amene amalandira malangizo otere kuchokera kwa ana.

Voisi yako yoyamba ija ili ndi mayina atatu a Chingerezi m'mpweya umodzi. Mayi ako sakuona mawu pa galasi la foni, akuona timabokosi ndi tizithunzi. Uwauze zimene maso awo akuona: kandege, katochi, timizere tokwera ngati masitepe. Komanso usanene kuti “zimitsani”. Munthu wamkulu akamva kuzimitsa, chala chimathamangira pa batani la m'mbali, foni yonse n'kuzima. Uziti “gundani kandege”.

Chinanso, uyambe ndi moni weniweni ndipo uwauze kuti foni siinaonongeke. Ife akuluakulu tikaona chinthu chodula chimene mwana anatigulira chasiya kugwira ntchito, choyamba kubwera ndi mantha oti ndaononga. Munthu wamantha manja amanjenjemera ndipo samva bwino. Nditaphunzitsa sitandade 1 kwa zaka zambiri ndinaona kuti lamulo limodzi pa nthawi imodzi ndilo limagwira. Wanena chochita, khala chete, werenga chamumtima mpaka pa 5, kenako pitiriza. Ana anga amathamanga ngati akuwerenga nkhani za pa wailesi.

AbitiWakuDomasi
Zoona zimenezo aphunzitsi. Ndiwonjezere kuti mulankhule chilankhulo chimene mumalankhulana nawo pakhonde. Anganga anga ndikawafotokozera m'Chichewa amangoti eya eya, koma palibe chachitika. Nditasintha n'kulankhula Chiyao anamva kamodzi.

WokonzaMafoni_Mponda
Ndifotokoze njira yake momwe ndimaionera pa benchi panga, kuti mudziwe pomwe akuluakulu amaphonya.

Iwalani za Settings, ndi njira yaitali. Yachidule ndi kutsitsa kansalu ka pamwamba. Chala chiyambire m'mphepete mwenimweni mwa galasi, pomwe pali nthawi ndi batire, n'kukokera pansi. Akayambira pakati, foni imatsegula zina. Kukoka koyamba kumaonetsa tizithunzi tochepa chabe, kandege nthawi zambiri sikakhalapo. Pamafunika kukokanso kachiwiri kuti tonse tioneke, ndipo pa mafoni ena kamakhala pa tsamba lachiwiri, loti ukokere chala kumanzere. Pansi pake pamalembedwa Airplane mode, pena Aeroplane mode, pa Samsung zambiri ndi Flight mode. Ndi chinthu chimodzi.

Chenjerani ndi ichi: ma Tecno, Infinix ndi itel ena atsopano anagawa pamwambapo pawiri. Ukakoka chakumanzere umaona mauthenga okha, ukakoka chakumanja, mbali ya batire, ndiye kumabwera tizithunzi. Choncho muwauze kuti ayambire pa batire. Pa mafoni osagawa, kuyambira pa batire kumagwiranso ntchito, ndiye simutaya kanthu.

Pogunda pali misampha iwiri. Akuluakulu amakanikiza n'kugwiritsa, monga ankachitira pa foni ya mabatani. Ukagwiritsa chala pa kandege, foni siichotsa, imakutengera mkati mwa Settings, munthu n'kusokonezeka. Msampha wina ndi kugunda kawiri. Wagunda, sanaone chosintha nthawi yomweyo, wagundanso, kandege kabwerera. Netiweki siibwera pompopompo, foni imayamba yafufuza nsanja, ndipo kumudzi kumene mphamvu ndi yochepa imatha kutenga mphindi yathunthu.

MwanaWakuJali
Achimwene, nanga adziwa bwanji kuti agunda bwino? Ndiwauze kuti kasintha mtundu?

WokonzaMafoni_Mponda
Kakayaka kamakhala kowala, kabuluu kapena kobiriwira malinga ndi foni. Kakazima kamatuwa. Koma musadalire dzina la mtundu, chifukwa ifenso timati “kobiriwira” pa zonse ziwiri, ndipo ali panja padzuwa sangasiyanitse. Chizindikiro chodalirika ndi kandege kakang'ono kaja ka pamwamba pafupi ndi batire. Kakasowa, ntchito yatheka. Ndipo akhale pamthunzi kapena m'nyumba pochita zimenezi.

MnyamataWakuChikanda
Pali njira ina yosavuta. Angoyesa kuimba nambala iliyonse. Foni imatulutsa kabokosi kofunsa ngati ukufuna kuchotsa ndegeyo, ungodina OK.

WokonzaMafoni_Mponda
Pa mafoni ena inde, ndaionapo ikugwira. Pa ena kabokosiko kamangokuuza kuti sizingatheke, ukadina OK kamachoka, kandege kali pompo. Ndipo pomwe pali mabatani awiri, onse ndi a Chingerezi, ndiye simungadziwe kuti amayi adina liti. Isungeni ngati njira yachiwiri.

Wakuchingale
Inenso vuto lomweli. Bambo anga ku Chingale sakupezeka kuyambira Lamlungu. Ndiye ndiwatumizire voisi yomweyi mukailemba?

NamwinoWausiku
Achimwene, mwafunsa kaye ngati pali kandege? Kusapezeka kuli ndi zifukwa zambiri.

Wakuchingale
Mphwanga akuti palibe ndege, palembedwa Emergency calls only.

WokonzaMafoni_Mponda
Ndiye yanu ndi nkhani ina, ndipo voisi ya achemwaliwa ingakuonongereni zinthu. Bambo akagunda kandege pomwe kanali kozima, ndiye kuti akayatsa, mavuto akhala awiri.

Kusiyana kwake ndi uku. Pakakhala kandege, foni yatsekedwa ndi chala cha munthu. Pakalembedwa No service, foni ikufufuza koma siikupeza nsanja: mwina malowo ndi obisika, mwina nsanja yazima. Emergency calls only imatanthauza kuti foni ikumva nsanja ina, koma simukhadi yanu siikulandiridwa pamenepo. Zimachitika ngati nsanja ya kampani yanu siikufika koma ya kampani ina ikufika, kapena simukhadi yasuntha, yada, kaya yatsekedwa. Pakalembedwa No SIM card, foni siikuiona n'komwe khadiyo.

Mphwanu achite izi: afunse mnzake amene ali pa netiweki yomweyo ngati yake ikugwira pamalo omwewo. Ngati onse a netiweki imeneyo ali zii, dikirani kapena akwere pa chitunda. Ngati ya mnzakeyo ikugwira, azimitse foni ya bambo, atulutse simukhadi, apukute mbali yagolide ndi kansalu kouma, ayibwezeretse bwino. Zikakanika aike khadiyo mu foni ina. Ikakana kumenekonso, vuto ndi khadi, pafunika kupita ku shopu ya kampaniyo ndi chiphaso cha unzika cha bambo.

Kabaza_Chinamwali
Ku Chingale kuseri kwa phiri kuja netiweki imachita kusakidwa. Ine ndikapita ndi kasitomala pali malo ena ndimadziwiratu kuti apa foni yafa. Mukukumbukira nthawi ya Freddy mu Malichi 2023? Magetsi atazima masiku aja anthu ambiri tinkaganiza kuti mafoni athu aonongeka.

NamwinoWausiku
Musandikumbutse. Ine ndinatha masiku osadziwa ngati abale anga a ku Kachulu ali moyo. N'chifukwa chake nkhani ya achemwaliyi sindikuitenga mopepuka. Kholo lodwala lisamakhale ndi njira imodzi yokha yolipezera. Lembani nambala ziwiri za anansi, wina wa TNM wina wa Airtel.

MwanaWakuJali
Ndamva nonse. Ndalemba papepala chomwe ndikufuna kunena, tandionereni ndisanajambule.

“Amayi, mwaswera bwanji? Ndine mwana wanu wa ku Matawale. Ife kuno tili bwino, adzukulu anu akupereka moni. Musadandaule, foni yanu siinaonongeke, ndipo palibe chomwe mwalakwitsa. Yangotsekeka pakamwa, tiitsegula limodzi pompano. Khalani pansi pamthunzi, foni yanu ikhale m'dzanja lamanzere.

Yatsani galasi monga mumachitira mukafuna kuona nthawi, mutsegule foni. Tsopano yang'anani pamwamba penipeni, mbali ya dzanja lamanja, pomwe pali batire. Pafupi pake pali kandege kakang'ono. Ngati simukukaona, lekani pomwepo, musagunde chilichonse, muuze mtsikanayo andiimbire.

Ngati mwakaona, ikani chala pa batirepo, mukokere pansi ngati mukutsitsa katani ya pawindo. Chotsani chala. Kwabwera tizithunzi. Ikaninso chala pamwamba, mukokerenso pansi kachiwiri.

Fufuzani chithunzi cha ndege chachikulupo. Musafulumire, ndikudikirani. Ngati palibe, ikani chala pakati pa tizithunzito, mukokere kumanzere, tibwera tina.

Mwaipeza ndegeyo? Igundeni kamodzi kokha ndi nsonga ya chala, n'kuchotsa chala msanga, ngati mukuyesa ngati mphika watentha. Kamodzi basi, amayi. Tsopano ikani foni pamphasa, musaigwire.

Dikirani pang'ono. Mukaitenga, yang'ananinso pa batire paja. Kandege kachoka, pabwera timizere tokwera. Mukationa, ndifulasheni, ine ndikuimbirani.”

MphunzitsiWopuma_Sadzi
Ya mphika ija ndaikonda, mayi aliyense chala chake chikuidziwa. Koma “dikirani pang'ono” alibe muyeso. Pang'ono wa munthu amene akuda nkhawa ndi masekondi atatu. Uwapatse chochita chodziwika kutalika kwake. Ngati amapemphera, uwauze anene pemphero la Atate Wathu kawiri asanaitenge. Kapena apite akamwe madzi abwere.

Katani ya pawindo ndikukayika. Zathu zambiri timakokera m'mbali, osati pansi. Bwanji “ngati mukutsitsa chitenje pa chingwe”?

AbitiWakuDomasi
Ya chitenje ili bwino. Kwa ife Asilamu ya kumwa madzi ndiyo ingatheke kwa aliyense. Koma achemwali, voisi imodzi yaitali choncho amayi sangayendere nayo limodzi. Akamafufuza ndege, inu mudzakhala mwafika kale pa kufulasha. Iduleni zidutswa zisanu kapena zisanu ndi chimodzi, mtsikanayo aziyatsa chimodzi, amayi achite, kenako chotsatira.

NamwinoWausiku
Ine sindikugwirizana nazo kwenikweni. Zidutswa zimasokonekera, wina ayatsa chachinayi chisanamveke chachitatu. Ndinachitapo ndi apongozi anga, inali voisi imodzi ya mphindi ziwiri yokhala ndi mipata yachete mkati, ndipo wothandizayo ankaimitsa pakafunika. Zinatheka.

MnyamataWakuChikanda
Nonse mukuiwala chimodzi. Mavoisi otsatizana pa WhatsApp amadziyatsa okha. Yoyamba ikatha, yachiwiri imayamba popanda kuigunda. Ndiye mukadula zidutswa n'kuzitumiza mondondozana, zikhala ngati voisi imodzi yomweyo. Pakati pa voisi iliyonse tumizani kauthenga kolemba, ngakhale nambala chabe, 1, 2, 3. Pamenepo imaima, komanso mtsikanayo sangasokoneze ndondomeko.

AbitiWakuDomasi
Apo ndiye wathandiza mwana wa ku Chikanda. Sindinkadziwa chifukwa chake zanga zinkangopitirira.

WokonzaMafoni_Mponda
Muwonjezere chinthu chimodzi, achemwali. Kodi simukhadi ya amayi ili ndi PIN yake? Mafoni ena ukachotsa kandege amafunsa nambala imeneyo. Vuto ndi loti munthu wamkulu akaona mawu akuti PIN amalowetsa ya Mpamba kapena ya Airtel Money, poti ndi yomwe amaidziwa. Akalakwitsa katatu khadi imatsekeka n'kufuna nambala ina yoitsegulira yotchedwa PUK, ndipo PUK ukailakwitsa ka 10 khadiyo yatha ntchito. Komanso adzakhala alemba nambala yawo ya ndalama pamaso pa anthu. Muwauze kuti foni ikapempha manambala alionse asalembe, akuimbireni kaye.

MwanaWakuJali
Ndikukumbuka kuti sindinaikepo, koma ndiwonjezera. Pa ndalama paja anapsapo kale.

GogoWaAtatu_Namadidi
Pepani ndilowerere. Ine yanga ndi ya mabatani, ya tochi. Tsiku lina inaonetsanso kandege ndipo kukoka chala kumene mukunenaku kulibe. Mdzukulu anachita kuitenga kupita nayo ku msika.

WokonzaMafoni_Mponda
Agogo, za mabatani ndi zovuta kufotokoza pa voisi chifukwa iliyonse inabisa malo ake. Zina kali mu Profiles, pamndandanda womwewo wa Silent ndi Meeting, ndipo umachotsa posankha General kapena Normal. Zina kali mu Settings, pansi pa Phone settings. Zina za makhadi awiri kali mu Dual SIM settings, pomwe umasankha kuti makhadi onse atseguke. Amene akujambulira kholo la foni yotere ayenera kukhala ndi foni yofanana nayo m'manja, aziwerenga kuti batani lapakati kamodzi, lapansi kangati. Kungoganizira pamtima musayese, mungawatsogolere pa Restore factory settings.

Kabaza_Chinamwali
Koma chomwe ndikufuna kudziwa ine, kandegeka kamayaka bwanji kokha? Amayiwo sakwera ndege.

NamwinoWausiku
Adzukulu. Ana amayatsa dala akamasewera magemu kuti zotsatsa malonda zisawasokoneze, komanso kuti wina akaimba foni isalire n'kuwaulula. Akamva mapazi amangoibweza pomwe anaitenga.

MnyamataWakuChikanda
Musangonamizira ana. Kumalo otchajitsa mafoni ena amaika pa kandege kuti idzaze msanga ndi kuti isamalire m'kashopu. Mwini wake akabwera amangopereka osachotsa.

WokonzaMafoni_Mponda
Zonse ziwiri ndakumana nazo. Koma yochuluka pa benchi panga ndi tochi. Katochi ndi kandege timakhala pa kansalu kamodzi, nthawi zina moyandikana. Munthu wadzuka usiku, magetsi kulibe, magalasi a maso sanavale, akufuna tochi, chala chagwera pa ndege. Sipamveka phokoso lililonse, ndiye sadziwa. Pa mafoni akale a Android kandege kamabweranso ukagwiritsa batani lozimitsira, pafupi ndi Power off.

Mukadzapita kumudzi, tsitsani kansaluko, mupeze kapensulo kapena mawu akuti Edit. Kokani kandege mukachotse pagulu la tizithunzi tooneka, katochi mukaike poyambirira. Mukatero mwachepetsa ngozi ya usiku ija.

MphunzitsiWopuma_Sadzi
Apo ndikutsutsani pang'ono, bambo. Mukakachotsa pamenepo, tsiku lomwe wotchajitsa kapena mdzukulu adzakayatse kudzera ku Settings, mayiyu sadzakapeza pomwe waphunzira. Voisi yonseyi idzakhala yopanda ntchito. Ine ndingakonde kangosunthidwa, kakhale kumapeto kutali ndi tochi, koma kazioneka.

WokonzaMafoni_Mponda
Mfundo yanu ndaimva, amayi. Zitengera kuti amene akuyatsa ndi ndani. Ngati ndi chala chawo, kuchotsa n'kwabwino. Ngati ndi anthu ena, kusuntha. Achemwali ndi amene akudziwa pakhomopo.

MwanaWakuJali
Ndabwera ndi zotsatira. Ndinadula zidutswa 6, pakati ndikuika manambala monga ananenera achimwene a ku Chikanda. Ndinasintha katani kukhala chitenje pa chingwe, ndinaika zoti akamwe madzi, ndi zoti asalembe manambala. Mtsikana uja anapita cha m'ma 4 koloko.

Sizinayende kamodzi. Chidutswa chachitatu anachibwereza katatu, chifukwa amayi ankayambira kukoka pansi pa batire, osati m'mphepete, ndiye kansalu sikankatsika. Mtsikanayo anawaonetsa pa foni ya mayi ake, iwo n'kutsanzira pa yawo. Ndege anaipeza pa kukoka kwachiwiri. Pogunda koyamba anagwiritsa chala, kunatseguka tsamba la zolembalemba, anachita mantha n'kuika foni pansi. Mtsikanayo anandiimbira, ndinawauza adine kabatani kobwerera, tinayambiranso pa chidutswa chachitatu. Ulendo wachiwiri anagunda bwino. Akuti asanafike n'komwe pa mtsuko, foni inayamba kulira mauthenga a masiku atatu. Kenako ndinaona kufulasha kwawo. Ndinalira, abale, sindinama.

Chomwe ndinaiwala m'voisi ndi chochita ngati kwatseguka tsamba lachilendo. Amene mudzagwiritse ntchito mawu angawa muwonjezere kuti, “Kukabwera zolemba zambiri musaope, dinani kobwerera pansipo, tiyambirenso.”

AbitiWakuDomasi
Alhamdulillah. Apatseni moni amayi.

WokonzaMafoni_Mponda
Nkhani yabwino. Tsopano poti netiweki ilipo, tumizani zidutswa zomwezo pa foni ya amayi lero lomwe, ndipo muonetsetse kuti aziyatsa chilichonse kamodzi. Voisi yomwe yatsika kale mu foni imamveka ngakhale kandege katayaka, koma yomwe siinatsike idzangozungulira.

Dziwaninso kuti kumvera ndi kuchita pa foni imodzi kuli ndi vuto lake. Voisi ikamalira, dzanja likaphimba pamwamba pa foni pomwe timaika khutu, foni imaganiza kuti mwaiika kukhutu, galasi limada ndipo mawu amachepa. Malo amenewo ali pafupi ndi pomwe akuyenera kuyambira kukoka. Choncho aphunzire kumvera chidutswa mpaka chithe, kenako achite. Apa zidutswa zikuposa voisi yaitali.

NamwinoWausiku
Pa mfundo imeneyo ndavomera. Pamene pali wothandiza ndi foni yachiwiri ndikhalabe ndi yanga yaitali.

MwanaWakuJali
Ndatumiza, matiki awiri abiriwira pa zonse. Ndawafunsa kuti anayatsa ndani, akuti sakudziwa, koma Lolemba foni inaswera kotchajitsa, ndipo usiku womwewo ataitenga anayatsa tochi popita panja. Ndiye sindikudziwa ngati ndikachotse kapena ndikasunthe. Ndipita Loweruka, ndikaona momwe tizithunzito takhalira.

Wakuchingale
Kwathu mphwanga wapukuta khadi, wabwezeretsa, palembedwabe Emergency calls only. Mnzake wa netiweki yomweyo yake ikugwira timizere tiwiri pabwalo pomwepo. Foni ina yoyesera khadiyo akuti aipeza mawa kwa aphunzitsi a pasukulu.

WokonzaMafoni_Mponda
Akayese mbali zonse ziwiri: khadi ya bambo mu foni ya aphunzitsi, ndi khadi ya aphunzitsi mu foni ya bambo. Mundiuze zomwe zilembedwe pa galasi lililonse.